Thabwa la misomali isanu: momwe tikuwerengera masanjidwe ndi masankhidwe ku kalabu ya masamu

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nkhotakota, chakumtunda kwa msewu wa M5. Temu ino ku kalabu ya masamu tikuchita mapemyutesheni ndi makombinesheni, kutanthauza kuwerenga njira zosanjira ndi zosankhira zinthu. Vuto limene ndikulimbana nalo ndi limodzi: ana amadziwa kuti pa kakuleta pali nPr ndi nCr, koma funso likabwera amangolota kuti adine pati. Ndiye ndaganiza zoti kakuleta ayambe wakhala m'chikwama, tiyambe ndi zinthu zogwirika ndi manja. Ndizilemba zimene zikuchitika, zoyenda ndi zosayenda zomwe, kuti mphunzitsi wina akafuna kuyesa adziwiretu pamene pali minga.

14 Januwale 2025: zipangizo

Chomwe tapanga ndi benchi yoyerekeza. Ndi thabwa lalitali mita imodzi, pamenepo takhoma misomali isanu motalikirana bwino, ndipo msomali uliwonse ukuimira malo okhala mwana mmodzi. Ana enieniwo akuimiridwa ndi makadi oboola pamwamba, olembedwa A, B, C, D ndi E, oti tizikoleka pa misomaliyo.

Thabwa ndagula K7,000, misomali ya mainchesi atatu K1,500, maka awiri K5,000. Kalipentala wa pamsika watenga K3,000 popala thabwalo ndi kuliboola kuti lizipachikika pamwamba pa bolodi. Zonse pamodzi K16,500, zochokera m'thumba la kalabu. Makadi tadula ku makatoni a sopo amene mwini golosale watipatsa ulere.

Kalipentala anafunsa kuti, “Aphunzitsi, bwanji osangowakhazika anawo pa benchi yeniyeni?” Tidzawakhazika ndithu, koma ana asanu akamasinthana malo, phokoso limachuluka kuposa masamu, ndipo wa kumbuyo saona chilichonse. Thabwa lopachika aliyense amaliona.

21 Januwale: atatu, kenako anayi

Tayamba ndi makadi atatu pa misomali itatu. Funso: ana atatuwa angakhale pa benchi m'njira zingati? Sipanatenge nthawi, apeza zisanu ndi imodzi: ABC, ACB, BAC, BCA, CAB, CBA.

Pomwepo panabuka mkangano umene wandithandiza kwambiri. Mnyamata wina wa Fomu 3 anakana kuti ABC ndi CBA ndi zosiyana. “Sala, mukazungulira kuseri kwa benchi mukaona CBA ija yasanduka ABC. Ndi chimodzimodzi.” Anzake angapo anamuvomereza. Mfundo yake si yopusa ayi, ndipo pakanakhala kuti tikutunga mikanda pa ulusi woti ukhoza kutembenuzidwa, akanalondola. Koma benchi ya m'kalasi ili ndi mbali ya ku windo ndi mbali ya ku khomo, ndipo ndi kutentha kwa kunyanja kuno palibe mwana amene angavomere kuti kukhala ku windo n'chimodzimodzi ndi kukhala ku khomo. Takonza polemba manambala 1 mpaka 5 pansi pa misomali, ndi mawu oti “windo” kumanzere. Amene mukupanga thabwa lotere, lembanitu manambalawo musanayambe.

Pa makadi anayi zinthu zinasokonekera. Gulu lina lapeza 19, lina 22, lina 26. La 26 lija linabwereza mizere ina osadziwa. Onse amangosuntha makadi mwachisawawa n'kumalemba chimene chatuluka. Ndinawauza kuti akoleke A pa msomali woyamba, asamukhudzenso, asanje atatu otsalawo mpaka njira zithe. Zimenezo anali atazichita kale, akudziwa kuti ndi 6. Kenako B pa msomali woyamba, 6 zina. C chimodzimodzi, D chimodzimodzi. Magulu onse afika pa 24, ndipo chofunika n'chakuti aona kumene 24 wachokera: anthu anayi oti akhoza kuyamba, aliyense ndi njira 6 za otsala.

28 Januwale: makadi anyowa, ndiponso za fakitoliyo

Mvula ya kumapeto kwa sabata inalowa pa denga la kachipinda kosungira zinthu. Makadi a katoni afewa, mabowo ang'ambika, zilembo zayenderera. Tagula chigubu chachikasu chothera mafuta ophikira pa K2,000 n'kuchidula timakadi. Mabowo taboola ndi msomali wotentha. Maka amagwira bwino pa pulasitiki mukayamba mwapakwecha ndi mchenga. Mukapanda kutero amafufutika ndi chala. Chigubu chimodzi chatulutsa makadi okwanira, ndipo tadulanso ena ku chidebe chosweka chobiriwira kuti tidzathe kusiyanitsa anyamata ndi atsikana.

Pa ana asanu sitinalembe mndandanda. Ndinaimirira pa thabwa makadi asanu ali m'manja, n'kufunsa kuti pa msomali woyamba ndingakoleke angati. Asanu. Ndikakoleka mmodzi, m'manja mwatsala anayi a msomali wachiwiri, kenako atatu, awiri, mmodzi.

`5 × 4 × 3 × 2 × 1 = 120`

Apa m'pamene ndawaonetsa kalembedwe ka 5!, kuti ndi fakitoliyo. Ena amafuna kuphatikiza, 5 + 4 + 3 + 2 + 1, n'kupeza 15. Mankhwala ake ndi kubwerera pa makadi anayi: kuphatikiza kukupereka 10, pamene mizere 24 ili m'makope mwawo, yolemba okha.

Nambalazi zimakula mwachangu kuposa momwe ana amaganizira. Ana khumi pa mzere umodzi ndi 10!, yomwe ndi 3,628,800. Atamasintha kakhalidwe kamodzi pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, angathe masiku 2,520, pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri. Mtsikana wina anafuna kuwerengera kalasi lake lonse la ana oposa 70, kakuleta n'kumulembera Math ERROR. Sikuti yawonongeka. Makakuleta ambiri a kusukulu amathera pa 69!, chifukwa 70! ndi nambala ya madijiti 101 ndipo sangathe kuisunga.

4 Febuluwale: awiri osafuna kusiyana

Funso la lero: ana asanu aja akhale pa benchi, koma A ndi B akhale moyandikana. Njira zingati?

Ambiri anayankha 24, ndipo kaganizidwe kawo kanali kabwino mpaka pakati. Anamanga khadi la A ndi la B ndi labala kuti akhale ngati munthu mmodzi. Tsopano zosanja zatsala zinayi: mtolo wa AB, C, D ndi E. Zinayi zimasanjika m'njira 24. Pamenepo anaima.

Chimene anaiwala chili mkati mwa mtolomo. A akhoza kukhala mbali ya ku windo B n'kukhala mbali ya ku khomo, kapena asinthane. Pa njira iliyonse mwa 24 zija pali ziwiri, choncho yankho ndi 48. Labala anathandiza kuona mtolo, komanso ndi yemweyo anabisa kusinthanako, poti makadi omangidwa pamodzi amaoneka ngati sangasunthe. Tasiya labala, tikugwiritsa ntchito kachingwe kotayirira kolumikiza makadi awiriwo, kuti azitha kudutsana ali chilumikizire.

Titatero tinatsimikiza mwa njira ina. Malo awiri oyandikana pa benchi ya asanu alipo anayi: 1 ndi 2, 2 ndi 3, 3 ndi 4, 4 ndi 5. Pa malo alionse A ndi B akhala m'njira 2, ndipo atatu otsala m'njira 6. Ndiye 4 × 2 × 6 ndi 48 yemweyo. Ine ndimakonda kuti yankho lililonse lipezeke kawiri m'njira zosiyana, chifukwa pa masamu awa palibe posinthanitsa x kuti uone ngati zikugwirizana.

Funso lotembenuza, loti A ndi B asayandikane chifukwa amalongolola, linatha msanga. Zonse ndi 120, zoyandikana ndi 48, zotsala ndi 72.

18 Febuluwale: timapepala 60

Sabata yatha sitinakumane chifukwa cha mayeso a pakati pa temu. Lero talowa za komiti, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse.

Ndinayamba ndi komiti ya maudindo. Mwa ana asanu, A mpaka E, tisankhe wapampando, mlembi ndi msungichuma. Pa thabwa tinasiya misomali itatu, n'kumata maina a maudindowo pansi pake. Ana anaona okha kuti ndi benchi yomwe ija, kungoti malo achepa: 5 × 4 × 3, yomwe ndi 60. Imeneyi ndiye pemyutesheni, kusanja atatu mwa asanu.

Kenako ndinachotsa maina a maudindo. Tsopano tikungofuna ana atatu oti akaimire kalabu kwa a hedi, palibe wamkulu, palibe wamng'ono. Njira zingati? Pafupifupi onse anati 60 basi.

Sindinawatsutse. Tinadula timapepala kuchokera ku mapepala akale a mayeso, ndipo gulu lililonse linalemba masanjidwe onse 60, limodzi pa kapepala kake. Kenako ndinati aunjike pamodzi timapepala tonse tokhala ndi anthu omwewo, osayang'ana kuti wayamba ndani. ABC, ACB, BAC, BCA, CAB ndi CBA zinapita pa mulu umodzi, poti onsewo ndi A, B ndi C akupita ku ofesi. Atamaliza, pa tebulo panali milu 10, uliwonse wa timapepala 6.

`60 ÷ 6 = 10`

Ntchitoyi inadya nthawi yonse ya kalabu, ndipo panali zovuta ziwiri. Choyamba ndi mphepo: mawindo athu alibe magalasi, timapepala ta gulu lina tinauluka n'kusakanikirana ndi ta anzawo. Tinatola timiyala panja topsinjira milu, ndipo ulendo wina gulu lililonse lidzalemba ndi cholembera cha mtundu wakewake. Chachiwiri, gulu lina linali ndi timapepala 57 tokha. Koma taonani ubwino wa milu: itatu inali ndi timapepala tisanu m'malo mwa tisanu ndi kamodzi, ndipo anawo anadziwa nthawi yomweyo pofunafuna. Pa mulu wa B, D ndi E anapeza kuti DEB palibe, n'kulemba.

Ndinafunsa kuti 6 ameneyu wachokera kuti. Panakhala chete pang'ono, kenako mtsikana wina wa Fomu 4 anati, “Sala, si benchi ya atatu ija ya tsiku loyamba?” Ndi imeneyo. Anthu atatu amasanjika m'njira 3!, choncho gulu lililonse la atatu linawerengedwa kasanu ndi kamodzi. Kombinesheni ndi pemyutesheni imene tagawa kuti tichotse kubwerezako. Komiti ikanakhala ya anayi tikanagawa ndi 24, osati ndi 4. Pamenepa ana ambiri amapunthwa, amagawa ndi chiwerengero cha anthu. Pa komiti ya awiri cholakwikachi sichioneka, chifukwa 2 ndi 2! n'zofanana, ndiye musayambe ndi chitsanzo cha awiri n'kuganiza kuti amva.

25 Febuluwale: kalabu yeniyeni, kakuleta wabwerera

Mamembala a Fomu 4 m'kalabu yathu alipo 9, anyamata asanu ndi atsikana anayi. Tawagwiritsa ntchito iwo omwe, makadi achikasu anyamata, obiriwira atsikana.

Komiti ya maudindo atatu: 9 × 8 × 7, yomwe ndi 504. Nthumwi zitatu zopanda maudindo: 504 kugawa ndi 6, yomwe ndi 84. Atapeza ndi manja m'pamene ndinalola kuti atulutse makakuleta. 9 nPr 3 inapereka 504, 9 nCr 3 inapereka 84, ndipo ndinalemba mafomula pa bolodi koyamba, n kukhala anthu onse, r amene tikutengapo:

`nPr = n! / (n − r)!`

`nCr = n! / (r!(n − r)!)`

r! ali pansiyo ndi mulu uja wa timapepala.

Makakuleta a ana ndi osiyanasiyana. Ena ali ndi batani la nCr poonekera, ena muyenera kuyamba mwadina SHIFT. Awiri analemba 3 nCr 9 n'kupeza Math ERROR. Nambala yaikulu ndiyo imayamba, poti simungasankhe 9 mwa atatu.

Vuto lalikulu linali lina. Ana ena anabwera ndi lamulo loloweza lakuti ukaona mawu oti “sankhani” ndiye kombinesheni, ukaona “sanjani” ndiye pemyutesheni. Lamuloli limagwa pa funso loyamba lomwe, chifukwa “sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma” lili ndi mawu oti sankhani koma yankho ndi 504. M'malo mwake ndawapatsa choyesera ichi: tenga yankho limodzi, usinthanitse anthu awiri amene ali momwemo, uone ngati chasintha chilipo. Wapampando akasinthana ndi msungichuma, ndalama zapita m'manja mwa wina, ndiye dongosolo lili ndi ntchito, usagawe. Nthumwi ziwiri zikasinthana, opita ku ofesi ndi omwe aja, ndiye gawa.

4 Malichi: 112 wosatheka

Ili ndiye tsiku limene ndikufuna mphunzitsi mnzanga aliwerenge modekha. Funso linali lakuti pa nthumwi zitatu zija pakhale mtsikana ngakhale mmodzi, kapena kuposa. Njira zingati?

Mnyamata amene amakhoza bwino masamu m'kalabu yonse anabwera kutsogolo molimba mtima. Anati tiyambe tasankha mtsikana mmodzi kuti lamulo likwaniritsidwe, njira 4. Malo awiri otsala atenge aliyense mwa anthu 8 otsala, 8 nCr 2, yomwe ndi 28. Kuchulukitsa, 4 × 28, yankho 112. Anzake anaomba m'manja, ndipo kunena zoona njirayi imamveka yanzeru kwambiri.

Ndinangofunsa kuti makomiti onse, opanda lamulo lililonse, tinapeza angati sabata yatha. 84. Nanga tikaika lamulo loletsa makomiti ena, angachuluke bwanji kufika 112? Ichi ndi chizindikiro choyamba chimene mwana aliyense ayenera kuyang'ana: yankho la funso lokhala ndi lamulo silingapose yankho la funso lopanda lamulo.

Kudziwa kuti 112 ndi wolakwika kunali kosavuta. Kupeza pamene palakwika kunafuna makadi. Tinatcha atsikana awiri P ndi Q, mnyamata mmodzi X. Poyamba tinakoleka P ngati mtsikana wokwaniritsa lamulo, kenako mwa otsala tinatenga Q ndi X. Komiti: P, Q, X. Tinachotsa, n'kuyambanso ndi Q ngati wokwaniritsa lamulo, mwa otsala tinatenga P ndi X. Komiti: P, Q, X yomwe ija. Njira ya mnyamata uja yaiwerenga kawiri. Inapatsa mtsikana mmodzi udindo wobisika, wa “woyamba kusankhidwa”, pamene komitiyi ilibe maudindo.

Njira yachidule yolondola ndi kuchotsa zosafunika. Makomiti opanda mtsikana ndi a anyamata okhaokha, atatu mwa asanu, ndipo amenewo ndi milu 10 ija ya timapepala. Ndiye 84 kuchotsa 10, yankho 74.

Njira yaitali tinaichitanso, chifukwa ndi imene ikuonetsa kumene 112 anachokera. Mtsikana mmodzi ndi anyamata awiri: atsikana njira 4, anyamata awiri mwa asanu njira 10, pamodzi 40. Atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi: awiri mwa anayi njira 6, mnyamata njira 5, pamodzi 30. Atsikana atatu okhaokha: njira 4. Kuphatikiza 40, 30 ndi 4 tikupeza 74 yemwe uja.

Tsopano onani. Makomiti 40 a mtsikana mmodzi njira yolakwika ija inawawerenga kamodzi, bwinobwino. Makomiti 30 a atsikana awiri inawawerenga kawiri, kukhala 60. Makomiti 4 a atsikana atatu inawawerenga katatu, kukhala 12.

`40 + 60 + 12 = 112`

Mnyamata uja atawona kuti nambala yake yatuluka ndendende, anati, “Ndiye Sala, sindinaphonye aliyense, ndangowerenga ena mobwereza.” Eya. Ndipo kugawa ndi nambala imodzi sikungakonze, monga tinachitira ndi timapepala, chifukwa kuno kubwerezako sikofanana: ena kamodzi, ena kawiri, ena katatu. Kugawa kumagwira ntchito pokhapokha milu yonse ikakhala yofanana kukula.

Chenjezo kwa anzanga: chizindikiro cha kuposa chiwerengero chonse sichioneka nthawi zonse. Atsikana akanakhala awiri okha mwa 9, njira yolakwikayi ikanapereka 2 × 28, yomwe ndi 56, nambala yooneka yosalakwa pansi pa 84, pamene yankho lenileni ndi 84 kuchotsa 35, yomwe ndi 49. Ndinasankha dala atsikana anayi kuti cholakwikacho chionekere poyera. Pa mafunso ena mwana ayenera kuyesa ndi manja, atenge komiti imodzi n'kudzifunsa ngati njira yake ingaitulutse kawiri.

11 Malichi: kuyesa, ndi zotsala

Ndinawapatsa mafunso ochepa opanda thabwa, opanda makadi. Za benchi ndi za komiti wamba zayenda bwino kwa ambiri. Funso la “ngakhale mmodzi” lagwetsabe angapo, makamaka amene sanabwere pa 4 Malichi, ndiye tidzalibwereza ndi nambala zina. Funso limene landisangalatsa mayankho ake ndi ili: sankhani atatu mwa 9 n'kuwakhazika pa benchi ya malo atatu. Ena anachita 84 × 6, ena 9 × 8 × 7, n'kuyamba kutsutsana mpaka ataona kuti onse ali pa 504.

Ndalama zonse pofika lero ndi K19,500, kuphatikizapo chigubu chija ndi K1,000 ya malabala amene tinawasiya. Msomali wachitatu wayamba kugwedera chifukwa thabwalo ndi lofewa. Wopanga lake akhome misomali mopendekera m'mwamba pang'ono, makadi sagwanso ndipo msomali sukoka msanga.

Chimene thabwali silingathe ndi kukhala mozungulira. Ana afunsa kale za anthu asanu ozungulira tebulo, pamene palibe windo kapena khomo, ndipo onse akasuntha malo amodzi kumanja palibe wasintha mnzake woyandikana naye. Pamenepo 120 amagawidwa ndi 5 n'kutsala 24. Kuti azione ndi maso pakufunika chinthu chozungulira chotembenuka. Kalipentala wati akhoza kutidulira ku pulayiwudi pa K6,000, koma thumba la kalabu latsala ndi zochepa, ndiye temu ikubwerayi tiyamba tayesa ndi chivindikiro cha ndowa ndi mapegi asanu oyanikira zovala.